Mphindi 110 zimene zinalibe malo: lipoti la kukonza pulogalamu ya msonkhano wa masiku awiri

Ndine mlembi, ndipo gawo lalikulu la ntchito yanga ndi kutaipa ndi kukonza mapepala a mabungwe amene alibe mlembi wawowawo. Lipoti lino likufotokoza ntchito imodzi imene ndinagwirira bungwe lina la makopaletivi a alimi, limene linachititsa msonkhano wa masiku awiri, Lachinayi ndi Lachisanu, pa loji ina m'boma la Mangochi. Anandipempha kuti ndisandutse mndandanda wa zokambirana kukhala pulogalamu yosindikiza yokhala ndi nthawi komanso mayina a oyankhula, makope 120, ndipo ndalemba zimene zinachitika chifukwa zolakwa zina zinali zanga ndipo alembi anzanga angathe kuzipewa.

Mndandandawo unandipeza Lolemba masana, ndipo unabwera m'zidutswa zitatu. Choyamba chinali chithunzi cha tsamba la kope limene mlembi wa komiti analemba pamanja, chachiwiri chinali uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa wapampando wowonjezera mitu iwiri, ndipo chachitatu chinali kalata yoitanira anthu imene inangonena kuti msonkhano udzayamba 8 koloko m'mawa. Pa tsamba la kopelo panali nthawi ziwiri zokha, ya kulembetsa ndi ya nkhomaliro. Oyankhula ena analembedwa ndi dzina limodzi, ena ndi udindo wokha, ndipo pa mutu umodzi panangolembedwa kuti "a zaulimi". Wapampando atandiimbira anati, "Mayi, mungoika bwinobwino kuti zioneke zaulemu, nthawizo mudziwa ndinu." Mawu amenewa alembi timawamva kawirikawiri, ndipo amatanthauza kuti komiti sinawerengere nthawi, koma ikuyembekezera kuti wotaipa aiwerengere.

Kuwerenga mphindi

Sindinatsegule Word tsiku limenelo. Ndinayamba ndaimbira foni woyang'anira lojiyo kuti ndidziwe zinthu zimene komiti singathe kuzisuntha, ndipo ndinapeza kuti holo inalipiridwa kuyambira 08:00 mpaka 16:30, pamene nkhomaliro imaperekedwa 12:30 mpaka 13:30 chifukwa khitchini imaphikiranso alendo ena. Ndinafunsanso komiti za Lachisanu, ndipo anagwirizana kuti zonse zithe 12:00 kuti mamembala achisilamu, amene ndi ambiri m'derali, apite ku mzikiti komanso kuti ochokera kutali apeze galimoto dzuwa lisanapendeke. Nthawi zoterezi ndimazitenga ngati zikhomo: zina zonse zimasuntha, koma izi ayi.

Kenako ndinawerenga. Kuchokera 08:00 kufika 16:30 pali mphindi 510. Kuchotsapo kulembetsa kwa mphindi 30, tiyi wa m'mawa wa mphindi 30, nkhomaliro ya mphindi 60 ndi tiyi wa madzulo wa mphindi 20, panatsala mphindi 370. Mwambo wotsegulira, kuyambira pemphero ndi nyimbo ya fuko, kudziwana, mawu a wapampando, a mfumu, a woimira khonsolo, a mlendo wolemekezeka, mpaka chithunzi cha gulu, unafunika mphindi 95, motero panatsala 275. Koma komiti inaika maphunziro 7 pa tsiku loyambalo, ndipo aliyense wophunzitsa anauzidwa kale kuti adzakhala ndi mphindi 30 zoyankhula ndi 15 za mafunso, zimene zikukwana 315. Kuwonjezera ola limodzi la ntchito ya m'magulu ndi mphindi 10 zotsekera, zonse zinafika 385. Tsikulo linali litasefukira ndi mphindi 110, tisanawerengere n'komwe nthawi imene munthu amatenga kuchoka pa mpando, kulumikiza kompyuta yake ndi kupereka malonje kwa akuluakulu onse asanayambe nkhani.

Apa ndi pamene mlembi amayesedwa, chifukwa n'zosavuta kungogawa nthawi mofanana, kupatsa phunziro lililonse mphindi zochepa, n'kupereka pepala looneka bwino limene palibe adzalitsatire. Ine ndinaona kuti kuchotsa mutu kapena kudula nthawi ya munthu si udindo wanga, choncho ndinatumizira wapampando masamu okhawo m'mizere isanu, n'kuwapatsa njira ziwiri: kulipira holo mpaka madzulo kwambiri, kapena kusamutsira maphunziro awiri ku Lachisanu ndi kuphatikiza mafunso. Anasankha yachiwiri pasanathe ola, ndipo ndikukhulupirira kuti anafulumira chifukwa ndinawaonetsa manambala m'malo mowauza kuti zinthu zachuluka.

Maphunziro asanu otsalawo ndinawapatsa mphindi 30 lililonse pa pepala, koma ophunzitsa anauzidwa kuti ayankhule mphindi 25, kuti mphindi 5 zikhale zosinthana. Mafunso ndinawaika pamodzi, mphindi 25 m'mawa ndi 20 masana. Mwa njira imeneyi maphunziro atatu ndi mafunso ake anadzaza ndendende mphindi 115 za pakati pa tiyi, amene ankatha 10:35, ndi nkhomaliro, ndipo tsiku lonse linatha 16:20, kusiya mphindi 10 holo isanatsekedwe. Lachisanu silinavute, chifukwa linali ndi malipoti a magulu ndi mfundo zomanga zokha, ndipo maphunziro awiri aja analowamo bwino.

Nthawi zonsezi ndinaziwerengera mu Excel osati pamanja, ndipo chifukwa chake chinaonekera patangopita masiku awiri. Kolamu A inali nthawi yoyambira, B yothera, C mphindi, D chochitika, ndipo E woyankhula. Ndinataipa nthawi imodzi yokha, 08:00 mu A2, ndipo zina zonse zinkachokera m'mafomula awiri awa, yoyamba mu B2 ndipo yachiwiri mu A3, amene ndinawakokera mpaka pansi:

```
=A2+C2/1440
=B2
```

Nambala 1440 ndi mphindi za tsiku lathunthu, popeza Excel imawerenga tsiku ngati 1 ndipo nthawi iliyonse ndi kachigawo ka tsikulo. Ngati m'malo mwa 08:30 mukuona 0.354167, fomula siyalakwe, koma kabokosiko sikanauzidwe kuti kazionetsa nthawi, ndipo mumakonza posankha `hh:mm` mu Format Cells. Pofuna kuti nthawi ikalowe mu Word ngati mawu wamba, ndinawonjezera kolamu ina yophatikiza ziwirizo:

```
=TEXT(A2,"hh:mm")&" - "&TEXT(B2,"hh:mm")
```

Ndinasankha kulemba 13:30 m'malo mwa 1:30 masana kuti kolamu ya nthawi ikhale yopapatiza komanso yofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anthu poyankhula amanenabe kuti hafu pasiti wani, ndipo woyendetsa mwambo ankalengeza choncho, koma pa pepala sipanakhale chisokonezo.

Mayina ndi maudindo

Lachiwiri lonse linapita pa mayina. Lamulo langa ndi lakuti dzina lililonse litsimikizidwe molemba ndi mwiniwake kapena ofesi yake, chifukwa pa foni zilembo zimasokonekera, makamaka l ndi r, ndipo anthu awiri a dzina lomveka mofanana angathe kulilemba mosiyana. Pofufuzapo ndinapeza kuti mfumu imene mndandanda unaitchula ndi udindo wakale inali itakwezedwa, ndipo tikanasindikiza momwe zinalili, cholakwacho chikanawerengedwa mokweza pamaso pa anthu ake. Ndinapezanso kuti mndandanda unaika mfumu pambuyo pa mlendo wolemekezeka, pamene mwambo wa misonkhano yathu ndi wakuti mawu amakwera pang'onopang'ono mpaka afike kwa mlendo, amene amayankhula komaliza n'kutsegulira msonkhano. Ndinakonza, koma ndinauza wapampando kuti ndakonza.

Ofesi ya zaulimi sinathe kunena amene adzabwere, choncho ndinasindikiza udindo wokha popanda dzina. Sindikonda kusiya malo opanda kanthu kapena kulemba kuti dzina lidziwika, chifukwa pepala lotero limaoneka losamalizidwa, pamene udindo umakhala woona ngakhale atabwera wina. Ndinasankhanso kalembedwe kamodzi, kuyamba ndi Bambo, Mayi, Abusa kapena Shehe, kenako dzina, ndipo udindo pa mzere wachiwiri, n'kukatsatira kwa onse, popeza munthu amene walembedwa mwachidule kusiyana ndi anzake amaona ngati wachepetsedwa.

Mmodzi mwa oyankhula amalemba dzina lake ndi ŵ ndipo anapempha kuti chilembocho chisasinthidwe. Mu Word chimatuluka mukataipa `0175` n'kudina Alt+X, koma pali msampha: ngati chilembo cha kumbuyo kwake ndi a, monga zimakhalira m'mawu ambiri, Word imachiwerenga pamodzi ndi manambalawo ndipo ŵ satuluka. Njira yake ndi kusankha kaye manambala anayiwo musanadine Alt+X.

Madzulo a Lachiwiri ndinatumizira mlembi wa komiti pulogalamu yoyamba kuti aone mayina. Ndinaitumiza ili yooneka ngati yomalizidwa, popanda chizindikiro chilichonse chakuti ndi yongoyesera, ndipo sindinamuuze kuti asagawire anthu. Cholakwa chimenechi chinadzabwerera Lachinayi m'mawa.

Kusintha kwa Lachitatu

Lachitatu cha m'ma 9 koloko, ofesi ya mlendo wolemekezeka inadziwitsa komiti kuti adzafika 11:00 osati m'mawa. Komiti inkaganiza zoyamba msonkhano wonse mochedwa, koma zimenezo zikanabweretsanso vuto la mphindi zosefukira. Ndinapereka maganizo akuti anthu akangodziwana 09:00, maphunziro awiri ayambe mpaka 10:00, tiyi akhale 10:00 mpaka 10:30, phunziro lachitatu lithe 11:00, ndipo mwambo wotsegulira uyambe pamenepo. Mawu a wapampando, a mfumu, a woimira khonsolo ndi a mlendo anatenga mphindi 50 mpaka 11:50, chithunzi mpaka 12:05, ndipo mafunso a mphindi 25 anafika ndendende pa nkhomaliro.

Kufooka kwa dongosolo limeneli kunali koonekeratu, chifukwa mafunso anatalikirana ndi maphunziro ake, ndipo munthu amene wamva za kasungidwe ka chimanga 9 koloko angaiwale funso lake pofika 12 koloko. Ndinalivomerabe pa chifukwa chimodzi: mafunso ndiwo chinthu chokhacho m'mawa umenewo chimene chikanatha kusuntha popanda kuitana munthu wina. Ndinalembera woyendetsa mwambo kapepala kapadera kakuti ngati mlendo sanafike 11:00, ayambe mafunso nthawi yomweyo, ndipo mwambo udzatsatire. Zimenezi sindinazisindikize mu pulogalamu, chifukwa sichikanakhala chaulemu kulengeza kwa anthu 120 kuti tikuyembekezera kuti mlendo achedwa.

Posuntha mizere mu Excel ndinalakwitsa. Ndinagwiritsa ntchito Cut ndi Paste pa makolamu C mpaka E, osakumbukira kuti kabokosi kakadulidwa n'kupita kwina, fomula imene inkakawerenga imakatsatira kumene kapita. Zotsatira zake zinali zakuti mawu anasuntha koma nthawi zinatsala momwe zinalili, moti phunziro loyamba linaoneka la mphindi 10 pamene mawu a woimira khonsolo anapatsidwa nthawi yosakhala yawo. Choopsa n'chakuti nkhomaliro inagwerabe pa 12:30 ndipo tsiku linatherabe 16:20, choncho munthu wongoyang'ana zikhomo zokha sakanaona kanthu. Ndinazindikira powerenga mzere uliwonse ndi kuyerekeza nthawi yolembedwa ndi mphindi za mu kolamu C. Kukonza kwake kunali kukokanso mafomula awiri aja kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo kuyambira pamenepo ndimatero nthawi iliyonse ndikasuntha mzere.

Kuika pa pepala

Nthawi zitakhazikika m'pamene ndinatsegula Word. Ndinaika tsamba pa A5, imene ndi theka la A4, kuti pepala limodzi la A4 lopindidwa pakati lipereke masamba anayi: chikuto, m'mawa wa Lachinayi, masana a Lachinayi, ndi Lachisanu kumbuyo. Zochitikazo ndinaziika mu tebulo la makolamu atatu, nthawi, chochitika ndi woyankhula. Ndimaonabe alembi ena akufoletsa mawu podina mpata kangapo kapena Tab, ndipo pa kompyuta yawo zimaoneka zowongoka, koma mutu umodzi ukangotalika n'kutsikira pa mzere wachiwiri, mayina onse amasokonekera. Mu tebulo mutu wautali umapindika m'kabokosi kake ndipo dzina limakhalabe moyang'anana ndi nthawi yake. Mu Table Properties ndinachotsa chizindikiro pa `Allow row to break across pages` kuti chochitika chimodzi chisagawike pa masamba awiri. Mizere ya tiyi ndi nkhomaliro ndinaidetsa pang'ono chabe, chifukwa ndi imene diso limayamba kufufuza, ndipo kudetsa kwambiri kumasanduka mdima pa fotokope.

Poyamba zinatuluka masamba asanu, chifukwa mizere 14 ya m'mawa wa Lachinayi sinakwane pa tsamba limodzi. Kabuku kopinda kamayenda ndi masamba anayianayi, choncho tsamba lachisanu likanatanthauza masamba 8, mapepala 240 m'malo mwa 120, masamba atatu opanda kanthu, komanso sitepula yaitali yofika pakati, imene ine ndilibe. Mlembi wa komiti anati tichepetse zilembo, koma ndinakana kutsika pansi pa 11, popeza ambiri mwa obwera anali alimi achikulire amene adzawerenge m'holo yosawala kwenikweni. M'malo mwake ndinafupikitsa mitu itatu imene inalembedwa ngati ziganizo zathunthu, atavomereza eni ake, ndinasamutsira zolinga za msonkhano ku tsamba la masana limene linali ndi mizere 6 yokha, ndipo ndinasiya zizindikiro za mabungwe pa chikuto pokha. Zonse zinakwana masamba anayi.

Ndinasunga ngati PDF kuti zilembo ndi mizere zisasinthe pa kompyuta ina, n'kusindikiza kudzera mu Adobe Acrobat Reader posankha Booklet, imene imaika yokha tsamba 4 ndi 1 mbali imodzi, 2 ndi 3 mbali inayo. Pirinta yanga sitembenuza yokha pepala, choncho ndinayamba ndi `Front side only`, kenako `Back side only`. Kope loyamba linatuluka mkati muli chadodolido chifukwa ndinabwezera pepala molakwika. Ndinajambula kamuvi ndi pensulo pa pepala lina, n'kuona mmene katulukira, ndipo nditapinda kope lachiwiri n'kuliwerenga kuyambira pa chikuto mpaka kumbuyo, m'pamene ndinalola kuti ena onse asindikizidwe. Wapampando anali atavomereza PDF yomweyo molemba cha m'ma 3 koloko, ndipo makope 120 a pepala wamba la magalamu 80 anapindidwa usiku womwewo. Ndinasindikizanso makope atatu a A4 a zilembo zazikulu, la woyendetsa mwambo, la pa khomo la holo ndi la kukhitchini, popeza tiyi anali atasuntha ndi mphindi 5.

Zimene zinachitika m'holo

Lachinayi pa 09:30 wophunzitsa wachiwiri kunalibe. Ataimbiridwa foni anati ali m'njira ndipo nthawi yake ndi 11:05, monga inanenera pulogalamu imene analandira Lachiwiri usiku. Mlembi wa komiti anali ataitumiza kwa oyankhula onse pofuna kuwathandiza, ndipo ya Lachitatu inangopita kwa a komiti okha, aliyense akuganiza kuti mnzake wadziwitsa ena. Wophunzitsa woyamba ndi wachitatu anagona pa loji pomwepo ndipo anaona pepala la pa khomo, n'chifukwa chake iwo sanasokonezeke. Woyendetsa mwambo anapempha wachitatuyo kuti alowe m'malo, ndipo popeza maphunziro onse anali a mphindi 30, kusinthanako sikunakhudze nthawi ina iliyonse. Wochedwayo anafika tiyi ali mkati n'kuphunzitsa 10:30.

Mlandu umenewu sindingauike pa mlembi wa komiti yekha. Mapepala awiriwo anali ofanana maonekedwe, ndipo panalibe chosonyeza kuti lina ndi lakale. Masiku ano pulogalamu iliyonse yosamalizidwa imatuluka kwa ine italembedwa pamwamba ndi zilembo zazikulu kuti ndi yoyesera ndipo isagawidwe, ndipo m'munsi mwa tsamba lomaliza ndimaika tsiku ndi ola limene ndaikonza komaliza. Nthawi ya munthu ikasintha, ndimalemba mayina a onse okhudzidwa pamodzi ndi nthawi yakale ndi yatsopano, n'kupempha komiti kuti isankhe munthu mmodzi woti awaimbire, chifukwa kutumiza PDF yatsopano sikutsimikizira kuti munthu waitsegula.

Mlendo wolemekezeka anafika cha m'ma 11:20. Woyendetsa mwambo anali atayamba kale mafunso pa 11:00 monga mwa kapepala kaja, anawamaliza 11:25, ndipo mwambo wotsegulira unayamba anthu asanakhale chete kudikira. Mawu a akuluakulu anapitirira nthawi yawo, moti chithunzi cha gulu chinajambulidwa mothamanga ndipo anthu analowa ku nkhomaliro 12:40, zimene a kukhitchini analolera. Masana anayamba 13:40 m'malo mwa 13:30, ndipo mphindi 10 zimene ndinasiya kumapeto zinathera pamenepo, holo n'kutsekedwa 16:30. Lachisanu msonkhano unatha 12:05, ndipo pa makope 120 aja panatsala 9, amene komiti inasunga kuti ikaphatikize ku lipoti lake.